Fizi inachoka ku banki koma kusukulu sinkaoneka: mmene tinaipezera

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira pa yunivesite ina kunja, ndipo fizi amalipira m'madola a ku America ngakhale kuti dzikolo si America. Semesita imene ndikunenayi invoisi yake inali ya madola 4,200. Bambo ake, amene ndi alamu anga, anapita ku banki Lachinayi masana kutatsala masiku 10 kuti tsiku lomaliza kulipira likwane. Analemba fomu, anasaina, ndipo madzulo omwewo uthenga unalowa pafoni yawo wonena kuti ndalama zachoka mu akaunti. Anajambula lisiti n'kumutumizira mwanayo, aliyense mtima unakhala pansi.

Chimene sanadziwe n'chakuti dipatimenti yotumiza ndalama kunja imakhala ndi ola lotsekera tsiku lililonse. Fomu yofika olalo litadutsa imadikira mawa, ngakhale ndalama zitachotsedwa kale mu akaunti. Choncho zawo zinanyamuka Lachisanu, kenako panagwa Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene mabanki sawerengera. Ndalama zopita kunja zikayenda bwino zimatenga tsiku limodzi mpaka masiku asanu a ntchito, ndiye sabata yoyamba panalibe wodandaula. Mtsikanayu ankatsegula tsamba lake la pa yunivesite m'mawa ndi madzulo, n'kumaona kuti ngongole idakali 4,200, koma ankadzilimbitsa mtima kuti mawa zisintha.

Sabata yachiwiri anapita ku ofesi ya zachuma ya pasukulupo atanyamula chithunzi cha lisiti. Anamuuza kuti m'mabuku awo mulibe ndalama yolowa m'dzina lake, afunse ku banki imene inatumiza. Bambo ake atapita ku nthambi yawo, wa pakauntala anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti kwawoko zinapita kalekale, afunse kumene zikupita. Mtsikanayo analimba mtima n'kupita ku banki ya yunivesite. Kumeneko anamulandira mwaulemu koma anamuuza kuti akauntiyo si yake, choncho sangamuuze chilichonse.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonekera, ndipo ndi bwino kupamvetsa. Pa nkhani yonseyi wophunzira si kasitomala wa banki iliyonse. Banki yotumiza imayankha mwini akaunti imene ndalama zinachokera, amene pano ndi bambo. Banki yolandira imayankha yunivesite. Mabanki a pakati, amene ndalama zimadutsamo panjira, sayankha munthu wamba n'komwe, amayankha banki inzawo. Mwana amene tsogolo lake lili pa ndalamazo ndi amene alibe khomo logogodapo, ndipo akhoza kuyenda mpaka nsapato kutha osamva kanthu. Ntchito yake ndi kukankha awiri aja, kholo ndi ofesi ya zachuma, aliyense ndi funso loyenera.

Tsiku lomaliza linadutsa. Kompyuta ya yunivesite inamuikira chindapusa cha madola 100 n'kumutsekera kulembetsa maphunziro. Chimene chinamuopsa kwambiri si chindapusacho ayi. Chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali pafupi kutha, ndipo kuti achiwonjezere ankafunika kalata yosonyeza kuti walembetsa semesita imeneyo. Kalatayo sakanaipeza ngongole ili pomwepo. Ndi pamene anandiimbira, podziwa kuti ntchito yanga ndi ya ndalama zodutsa malire. Mawu ake ankanjenjemera. "Amalume, kunoko akuti sanalandire, kwathu akuti anatumiza. Kodi ndalamazi zabedwa? Bambo akuti akakongole zina atumizenso."

Ndinawaimbira alamu anga usiku womwewo n'kuwapempha kuti asachite ziwiri: asatumizenso, komanso asauze banki kuti ibweze ndalamazo. Kutumizanso kumakusiya ndi ngongole ya kwa anthu, ndipo zoyamba zija zikafika umayamba nkhondo ina yoti sukulu ikubwezere. Kuitanitsa kuti zibwerere nakonso si lamulo, ndi pempho chabe. Ngati zalowa kale mu akaunti ya wolandira, sizibwerera popanda iyeyo kuvomera. Zikabwerera zimadulidwa panjira, ndipo banki imazisintha kukhala ndalama ya kwanu pa mtengo wogulira wa tsiku limenelo, umene ndi wotsika poyerekeza ndi umene unagulira madolawo. Umataya kawiri, ndipo masabata apita. Munthu asanadziwe pamene ndalama zaima, zonse ziwirizi ndi kuponya mwala mumdima.

Kuti mumve chimene ndinawapempha kuti akatenge ku banki, tiyambe taona mmene ndalama zimayendera. Palibe thumba la madola limene limakwera ndege. Chimene chimayenda ndi uthenga, ndipo nthawi zambiri umadutsa pa SWIFT, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Belgium. SWIFT sisunga ndalama ya munthu. Imangonyamula malangizo akuti chotsani apa, ikani apo. Banki ya alamu anga ilibe akaunti ku banki ya yunivesite, koma ili ndi akaunti ya madola ku banki ina yaikulu ku America. Banki ya yunivesite nayonso ili ndi yake kumeneko, ku banki ina. Ndiye malangizo amachoka kwa yotumiza kupita ku banki yoyamba ya pakati, kuchoka apo kupita kwa yachiwiri, kenako kwa yolandira. Mabanki anayi, ndipo iliyonse imafufuza payokha isanapereke kwa inzake. Kompyuta ya pakauntala ikamati zapita, tanthauzo lake ndi lakuti zachoka pa banki yotumiza basi.

Lisiti la pakauntala limangochitira umboni sitepe yoyambayo. Pepala limene lili ndi mphamvu ndi kope ya uthenga weniweni umene banki inatumiza, umene aliyense amautchula kuti MT103. Kuyambira Novembala 2025 mabanki amatumizirana uthenga wa mtundu watsopano wotchedwa pacs.008, koma mukanena kuti MT103 wa ku banki aliyense amamva chimene mukufuna. Pa pepala limeneli pamakhala nambala yotchedwa UETR, ya zilembo 36 kuphatikizapo timizere, imene yakhala yokakamiza pa mauthenga otere kuyambira Novembala 2018. Nambala imeneyi sisintha kuchokera ku banki yoyamba mpaka yomaliza. Nambala ya pa lisiti ija ndi ya mkati mwa banki yanu, kwina kulikonse siidziwika. Ndinawauza alamu kuti, "Alamu, mukafika musanene kuti ndalama sizinafike, akuyankhani zomwe zija. Mukanene kuti mukufuna kope ya MT103 yokhala ndi UETR, ndipo mupemphe kuti dipatimenti ya ndalama zakunja ione pa SWIFT gpi, njira yolondolera ndalama pogwiritsa ntchito nambala imeneyi, kuti zaima pati. Pempholo mulembe, adinde, mutenge kope."

Zimenezi anayenera kuzipempha tsiku lotsatira atangotumiza, pasanakhale vuto lililonse. Mabanki ambiri sapereka pepalali pokhapokha utalipempha.

Kope itafika, choyamba chinali kufananitsa ndi invoisi, chilembo ndi chilembo. Mzere wa 59 umasonyeza dzina ndi akaunti ya wolandira, mzere wa 57 umasonyeza banki yake, kawirikawiri ndi khodi ya BIC ya zilembo 8 kapena 11. Izi timayambira chifukwa pali akuba amene amatumiza imelo yooneka ngati yochokera kusukulu yonena kuti akaunti yasintha. Akaunti ikapezeka kuti ndi yosiyana ndi imene ili pa tsamba lenileni la yunivesite, pamenepo ndiye kuitanitsa ndalama kumafunika tsiku lomwelo, osadikira. Kwa ife zonse zinali zolondola, ndipo mtsikanayu anapuma koyamba. Koma mizere itatu iyi inandiuza kuti mavuto ena ali kutsogolo:

```
:33B:USD4200,00
:70:SCHOOL FEES
:71A:SHA
```

Tibwereranso kwa iwo. Choyamba chinali kupeza pamene ndalama zinali.

Banki inalipiritsa ndalama yofanana ndi madola 30 kuti ifufuze, ndipo yankho linabwera mawa lake. Pa kafukufuku wa gpi pamaoneka mawu ochepa ofunika kuwadziwa. ACSP ndiye kuti zidakali panjira. ACCC ndiye kuti zalowa mu akaunti ya wolandira. RJCT ndiye kuti banki ina yazikana ndipo zibwerera. Zathu zinkasonyeza ACSP ndi kakhodi ka G003, kutanthauza kuti banki ina yazigwira podikira zikalata kapena mayankho. Zinali pa banki yoyamba ya pakati kuyambira Lolemba lija loyamba.

Chifukwa chake chinali chaching'ono mochititsa chisoni. Pa fomu dzina la alamu anga linalembedwa ndi chilembo choyamba chokha cha dzina loyamba kenako dzina la makolo, ndipo pa adiresi panali bokosi la ku positi lokha. Mabanki amene madola amadutsamo amakakamizidwa ndi malamulo kufananitsa dzina lililonse ndi mndandanda wa anthu oletsedwa kuchita nawo malonda. Dzina lofupikitsidwa limafanana ndi maina ambiri, ndiye kompyuta inaimitsa, munthu n'kutumiza funso ku banki yotumiza: tipatseni dzina lonse, tsiku lobadwa, kumene amakhala ndi cholinga cha ndalamazi. Funsolo linafika ku likulu la banki ya alamu, iwo n'kuimba pa nambala yakale imene inali m'mabuku awo, n'kusiyira pomwepo. Wa pakauntala sankaliona funsoli chifukwa silifika pa kompyuta yake. Sananame pamene ankati zinapita. Ankanena zimene ankaona.

Alamu anga anakwiya kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa, koma mkwiyo sukanasuntha kanthu. Tsiku lomwelo anapereka kope ya pasipoti yawo, umboni wa kumene amakhala, invoisi ya sukulu, ndi kalata yosonyeza kuti mwanayo ndi wophunzira pamenepo. Ndinawalangiza kuti apereke zonse pakamodzi ngakhale zimene sanafunsidwe, chifukwa funso lililonse lobwerera limadya masiku awiri kapena atatu. Chofunikanso ndi kusachedwa. Banki ya pakati sisunga ndalama mpaka kalekale. Ikadikira osayankhidwa imazibweza, ndipo zimabwera zitadulidwa. Patapita masiku atatu a ntchito, kafukufuku anasonyeza ACCC.

Mtsikanayu anatumiza uthenga wachisangalalo kwa tonse. Mawa lake anatsegula tsamba lake, ngongole ili pomwepo, 4,300 kuphatikizapo chindapusa. Linapita tsiku lina, palibe kusintha. Anabwerera ku ofesi ya zachuma, anamufunsa dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, iye anati 4,200, anafufuza n'kumuuzanso kuti palibe. Ananditumizira mawu ochepa: "Amalume, ndatopa. Mwina ndingobwerera kwathu." Panthawiyi anali atasiya kugona bwino, ndipo ankalowa m'kalasi mwa chisomo cha aphunzitsi, dzina lake lisali pa mndandanda.

Apa ndi pamene mizere ija ikubwerera. Ndalama kulowa mu akaunti ya yunivesite ndi chinthu china, kulembedwa pa dzina la wophunzira ndi chinanso. Kumayambiriro kwa semesita akaunti imodziyo imalandira ndalama za anthu ambirimbiri. Kompyuta ya sukulu imawerenga sitetimenti ya ku banki n'kumafunafuna nambala ya wophunzira kapena ya invoisi mu mawu amene wotumiza analemba. Mawu amenewo ndi a mzere wa 70. Alamu anga analemba mawu awiri okha onena kuti ndi fizi, amenenso makolo ena ambiri amalemba. Nambala ya mwanayo panalibe. Dzina la wotumiza linali la bambo, ndipo mtsikanayu pasukulupo amadziwika ndi dzina la makolo losiyana ndi la pa akaunti ya bambo ake. Zikatere ndalama zimaikidwa pa akaunti ya ndalama zosadziwika mwini wake, ngati katundu wofika pa depoti wopanda dzina, mpaka wina atabwera ndi umboni.

Panatsala chinthu chimodzi chimene munthu wa mu ofesi akanagwiritsa ntchito pofufuza, kuchuluka kwa ndalama, koma nachonso chinali chitasintha. Mzere wa 71A umanena amene alipire mabanki. OUR ndiye kuti wotumiza alipira zonse. BEN ndiye kuti zonse zidulidwa pa ndalama zotumizidwazo. SHA ndiye kugawana: wotumiza amalipira banki yake, koma mabanki ena onse amadula pa ndalamazo zikamadutsa. Pa uthenga watsopano uja mawuwa amalembedwa DEBT, CRED ndi SHAR, tanthauzo ndi lomwelo. Alamu anasankha SHA chifukwa inali yotsika mtengo pakauntala, osadziwa kuti zotsalazo zidulidwa kutsogolo. Banki ina inadula madola 25, ina 20. Zimene zinalowa ku yunivesite zinali 4,155. Choncho wa mu ofesi ankafufuza dzina limene silinali pa sitetimenti ndi nambala imene sinali pa sitetimenti, ndipo n'zoona kuti sakanapeza kanthu.

Nambala ya 4,155 sitinaiganizire. Kafukufuku wa gpi amasonyeza zimene banki iliyonse yadula, ndalama zimene zalowa pomaliza, tsiku ndi ola. Alamu anapempha kuti awasindikizire tsamba limenelo. Kenako tinakhala pansi ndi mtsikanayu pafoni n'kulemba imelo imodzi yopita ku ofesi ya zachuma. Pa mutu wake tinaika nambala yake ya wophunzira. M'kati mwake munalibe madandaulo kapena mbiri ya mavuto onse. Tinalemba kuti pa tsiku lakuti mu akaunti yanu yakuti munalowa madola 4,155, wotumiza ndi uje monga dzina lalembedwera pa mzere wa 50, mawu a pa mzere wa 70 ndi awa, UETR ndi iyi, ndipo ndalamazi ndi za invoisi nambala yakuti. Tinamatapo MT103, tsamba la kafukufuku, invoisi, ndi kalata yaifupi yosainidwa ndi bambo yonena kuti ndalamazo ndi za mwana wawo. Ndinamuuzanso kuti akapita yekha asaimenso pa zenera la olandira alendo, apemphe munthu amene amafananitsa sitetimenti ya ku banki ndi maakaunti a ophunzira, chifukwa ndi yekhayo amene amaona ndalama zopanda mwini.

Anazipeza m'mawa womwewo. Zinali zitakhala pamenepo kuyambira tsiku limene kafukufuku anasonyeza ACCC. Mtsikanayu akuti mayi wa mu ofesimo anamutembenuzira kompyuta n'kumulozera mzere wake, ndipo iye anangogwira kukamwa, misozi ikutsika.

Komabe chitseko sichinatseguke. Kompyuta ya sukulu siidziwa kuti madola 45 ndi ochepa. Ngongole ikakhala pamwamba pa ziro, kulembetsa kumakhala kotsekedwa. Kutumiza madola 45 pa njira ya mabanki ija kukanakhala kutaya, chifukwa mabanki a pakati akanadya pafupifupi zonse. Analipira ndi khadi pa tsamba la sukulu kuchokera pa ndalama yake ya chakudya, pamodzi ndi chindapusa. Tinalemba kalata yopempha kuti chindapusacho chichotsedwe, titaikapo umboni wakuti ndalama zinanyamuka nthawi isanakwane, koma anakana. Malamulo awo amawerenga tsiku limene ndalama zalowa, osati limene zatumizidwa, ndipo izi zinalembedwa pa invoisi m'zilembo zing'onozing'ono. Anawonjezera kuti akanabwera ndi MT103 tsiku lomaliza lisanafike n'kupempha nthawi molemba, akanamuimitsira chindapusa ndi kutsekeredwa komwe. Sukulu zambiri zili ndi njira imeneyi, koma imagwira ntchito tsikulo lisanadutse.

Tikawerengera zonse, panapita madola 45 a mabanki a pakati, 100 a chindapusa ndi 30 a kafukufuku, pamodzi 175. Kuchokera pa Lachinayi lija mpaka kulembetsa panadutsa pafupifupi mwezi. Phunziro limodzi limene ankalifuna linali litadzaza, ndipo analitenga chaka chotsatira. Kalata ya chilolezo chokhalira m'dziko anaipeza kutatsala masiku ochepa. Ndikayang'ana masabata amenewo, kufufuza kwa banki ya pakati kukanatha m'masiku atatu kapena anayi funso lija likanayankhidwa msanga. Nthawi yotsalayo inapita chifukwa aliyense ankafunsa funso limene womufunsayo sakanatha kuliyankha.

Semesita yotsatira alamu anga anatumiza kutatsala masabata atatu, m'mawa wa Lachiwiri, atayamba aona ngati kulibe tchuthi kwawo, ku America kapena kudziko la sukuluyo. Anakonzetsa nambala yawo ya foni ndi adiresi m'mabuku a banki, ndipo dzina analemba lonse monga lilili pa pasipoti. Pa malo a mawu anayamba ndi nambala ya wophunzira, kenako nambala ya invoisi, kenako dzina la mwanayo. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa: mzere wa 70 uli ndi mizere inayi ya zilembo 35, ndipo mabanki ena amadula mawu a kumapeto posindikiza sitetimenti, choncho chofunika kwambiri chikhale kutsogolo. Anasankha OUR ngakhale ndi yokwerako mtengo, ndipo anafunsa ngati banki ikutsimikiza kuti ndalama zifika zonse, chifukwa pa madola a ku America zimachitika kuti banki ya pakati imadulabe ngakhale pa OUR. Banki itati singatsimikize, anawonjezera madola 30 pamwamba, atafunsa kaye kusukulu kuti zotsala zimasungidwa pa akaunti ya wophunzira. Mawa lake anakatenga MT103, n'kuwerenga mizere ya 59, 70 ndi 71A asanatuluke m'bankimo, chifukwa wolemba pa kompyuta akhoza kusiya zimene zili pa fomu. Mtsikanayu anaitumiza ku ofesi ya zachuma tsiku lomwelo, ndipo pofika Lolemba tsamba lake linasonyeza kuti fizi yalipiridwa.